Kapitawo Akufunika: Zoyenera Kulembedwa pa Kapepala Kaja

Chakumapeto kwa chisanu, mbewu zitalowa m'nkhokwe, timapepala timayamba kuoneka pa zitseko za mashopu ogulitsa feteleza, pa mitengo ya pa siteji ndi m'magulu a WhatsApp a alimi. Tambiri timalembedwa mofanana: kapitawo akufunika pa famu ku Kasungu, akhale wolimbikira ndi wokhulupirika, malipiro tidzakambirana, imbani pa nambala iyi. Basi kwatha. Wolembayo amaona ngati wapeputsa ntchito, koma foni yake imalira sabata yathunthu. Mmodzi akufunsa ngati ndi famu ya fodya, wina akufunsa ngati pali nyumba, wina ali ku Nsanje ndipo akufuna kudziwa ngati adzamubwezera ndalama yoyendera. Pofika tsiku lachisanu mwini munda watopa, ndipo amangotenga yemwe wafika pakhomo poyamba.

Vuto lenileni limadzaonekera mu Meyi, zokolola zikuyezedwa. Kapitawo akuti adalonjezedwa gawo la chimanga. Mwini munda akuti adangonena kuti zikayenda bwino adzamuganizira. Palibe cholembedwa, ndipo kapepala kaja kadanyowa kalekale ndi mvula yoyamba. Milandu yotere ndi yomwe imathera ku ofesi ya zantchito ya pa boma, ina mpaka ku khoti loona za ubale wa pa ntchito.

Chilengezo cha ntchito chiyenera kukhala chachifupi, zimenezo n'zoona. Mu nyuzipepala monga The Nation kapena The Daily Times malo amalipiridwa malinga ndi kukula kwake, ndipo pa foni anthu sawerenga uthenga wautali. Koma kufupika si chifukwa chobisira zinthu. Mawu 150 akukwana kunena zinthu zinayi zomwe munthu wanzeru amafuna kudziwa asanakwere galimoto: ntchito yake n'chiyani, ili kuti, malipiro ake awerengedwa bwanji, ndipo afunsire motani.

Kapitawo ndani?

Mawu akuti kapitawo adachokera ku Chipwitikizi, ndipo adakhazikika m'dziko muno nthawi ya atsamunda, pa maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, kumene munthu wa udindowu ankaima pakati pa mzungu mwini malo ndi anthu ogwira thangata. N'chifukwa chake kwa achikulire ena dzinali limamvekabe ngati la munthu wa chikoti. Lero ntchitoyo idasintha, koma malo ake ndi omwewo, apakati. Kapitawo si manijala, yemwe amakonza bajeti, kugula zipangizo ndi kusaka misika. Si waganyunso. Ndi munthu yemwe amadzuka m'mamawa kugawa ndime, kulemba matikiti a antchito, kutulutsa feteleza m'sitolo, ndipo madzulo n'kudzanena zomwe zachitika.

Eni minda ambiri masiku ano ndi anthu a m'tauni: mphunzitsi wopuma ntchito, wamalonda wa ku Lilongwe, kapena wachibale yemwe ali ku Joni ndipo amalima pa foni. Anthu otere nthawi zambiri amalemba kuti akufuna kapitawo pamene m'maganizo mwawo akufuna manijala, mlonda, dalaivala ndi kalaliki mwa munthu mmodzi. Chilengezo chikapanda kunena malire, wolembedwayo amadzazindikira mochedwa kuti wasenza ntchito za anthu anayi pa malipiro a munthu mmodzi.

Tiyerekeze munda wina wake. Uli m'dera la Santhe m'boma la Kasungu, ndi wa mahekitala 20, ndipo chaka chino mwini wake akufuna kulima chimanga pa mahekitala 10, soya pa mahekitala 6 ndi mtedza pa mahekitala 4. Pali antchito okhazikika asanu ndi mmodzi, ndipo nthawi yobzala, yopalira ndi yokolola pamabwera aganyu mpaka 30. Mwini munda amakhala ku Lilongwe ndipo amabwera kawiri pa mwezi. Manambala onsewa ndi a chitsanzo chabe, koma ndi amene atithandize kuona zoyenera kulowa m'chilengezo.

Choyamba ndi kukula kwa munda, ndipo muyeso wake ulembedwe momveka. Alimi ambiri amawerenga m'maekala, alangizi amawerenga m'mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Munthu amene wawerenga 20 n'kuganiza kuti ndi maekala adzapeza munda wa pafupifupi maekala 50. Kusiyana kumeneko sikochepa kwa munthu woyenda pansi kuyendera mizere tsiku lililonse.

Chachiwiri ndi mbewu. Munthu amene wakulira pa esiteti ya tiyi ku Mulanje amadziwa kuyang'anira othyola masamba ndi kuyeza mabasiketi, koma mwina sadaonepo momwe amasakanizira soya ndi inokulanti asanabzale. Wozolowera mzimbe wa ku Nchalo kapena ku Dwangwa amadziwa ngalande ndi madzi othirira. Wa fodya amadziwa nazale, chigafa, kusankha masamba ndi kudinda mabelo opita ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Onsewa ndi akapitawo, koma luso lawo silifanana. Kutchula mbewu kumachititsa kuti osayenerera adzichotse okha, foni isanalire n'komwe.

Tsono pa ntchito zenizeni, mawu akuti wolimbikira ndi wokhulupirika sathandiza kanthu, chifukwa palibe wofuna ntchito amene amadzitcha waulesi kapena wakuba. Chofunika ndi kulemba zomwe munthuyo adzayankhe mlandu wake. Pa munda wa ku Santhe uja, mahekitala 10 a chimanga akabzalidwa motsata malangizo a ulimi wamakono, mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando otalikirana masentimita 25, njere imodzi pa phando, hekitala iliyonse iyenera kukhala ndi mapesi opitirira 53,000. Aganyu olipidwa pa ndime amafuna kumaliza msanga, choncho amatambalitsa mapando. Akawonjezera masentimita asanu okha pa phando lililonse, mapesi amatsika kufika pafupifupi 44,000 pa hekitala, ndipo mwini munda sadzaona kusiyanako mpaka tsiku loyeza matumba. Woyenera kuona zimenezi, kamtengo koyezera kali m'manja, ndi kapitawo.

Chimodzimodzinso feteleza. Pa mulingo wodziwika wa matumba awiri a wokulitsa ndi atatu a yureya pa hekitala, chimanga chokhacho chifuna matumba 50. Ndi chuma chambiri chosungidwa m'kanyumba kamodzi, kiyi wake ali m'thumba la munthu mmodzi. Ngati kapitawo ndiye adzasunge kiyiyo ndi kulemba buku la zolowa ndi zotuluka, chilengezo chinene. Munthu amene sakonda zolemba adzabwerera yekha, ndipo amene avomera sadzadabwa akamafunsidwa kuti thumba la 37 lidathiridwa pa ndime iti, tsiku liti.

Pali ntchito ina yomwe eni minda amaiwala kulemba ngakhale ili ya lamulo. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa pakati pa zaka 14 ndi 18 saloledwa kugwira ntchito yoika moyo kapena maphunziro ake pachiswe, monga kupopera mankhwala. Mayi akabwera kuganyu ndi ana ake awiri kuti amalize ndime msanga, amene amawaona ndi kapitawo, osati bwana wa ku Lilongwe. Nkhaniyi idaluma kale dziko lino: mu Novembala 2019 dziko la America lidaimitsa fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha madandaulo a ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ana ntchito. Mzere umodzi wonena kuti kapitawo adzaonetsetsa kuti ana sagwira ntchito pamundapo ndi wokwanira.

Ku Kasungu n'kwakukulu

Kulemba dzina la boma lokha sikutchula malo. Kasungu ndi boma lalikulu, ndipo munthu wa ku Chamama sali pafupi ndi Santhe ngakhale onse ali m'boma limodzi. Chilengezo chabwino chimatchula malo a malonda apafupi, mtunda wochokera pamsewu wa phula, ndi mfumu yaikulu ya deralo. Chimanenanso zoona zake za msewu. Makilomita 12 a msewu wafumbi si kanthu mu Ogasiti, koma mu Febuluwale, mtsinje utadzadza, akhoza kukhala ulendo wa tsiku lonse, ndipo a kabaza amakweza mtengo.

Wofuna ntchito yotere kawirikawiri ndi munthu wapabanja. Mafunso ake enieni ndi a mkazi wake kapena mwamuna wake: kodi pali nyumba, ya zipinda zingati, madzi ndi a pamjigo kapena a pachitsime, sukulu ya pulayimale ili patali bwanji, nanga mwana akadwala malungo usiku chipatala chili kuti. Zonsezi sizingalowe m'chilengezo, koma nyumba ndi madzi zitchulidwe, pamodzi ndi mfundo yakuti munthuyo ayenera kugona pamunda pomwepo. Akapitawo ambiri sasiya ntchito chifukwa cha bwana. Amasiya chifukwa banja lakana kukhala kumaloko, ndipo amasiya mu Januwale, udzu utakula, nthawi yomwe kupeza wolowa m'malo n'kovuta kwambiri.

Nkhani ya netiweki nayo ndi ya malo. Ngati mwini munda akuyembekezera lipoti ndi zithunzi pa foni sabata iliyonse, ayambe wadziwa ngati pamundapo foni imagwira, ndipo anene amene adzagule mayunitsi.

Pamene pamabadwira mikangano

Mawu akuti malipiro tidzakambirana ndi omwe adzetsa udani wambiri pa minda ya m'dziko muno. Mwini munda amaopa kulemba nambala poganiza kuti mwina akadapeza wovomera zochepa. Koma chofunika kwambiri m'chilengezo si kuchuluka kwa ndalama kokha. Ndi njira yowerengera ndalamayo.

Pa minda pali njira zingapo zolipirira, ndipo anthu amazisakaniza. Pali malipiro a pa mwezi. Pali a pa tsiku, olembedwa pa tikiti. Pali a mgwazo, pamene munthu amalipidwa akamaliza ndime yomwe wapatsidwa. Ndiye pali njira yakale ya pa maesiteti a fodya, yodikira kuti mbewu igulitsidwe, munthu akumangolandira phoso miyezi yonse ya dzinja, kenako n'kudzadulidwa ngongole ya phosoyo pa malipiro ake. Imeneyi ndi njira ya matenanti, ndipo Nyumba ya Malamulo idaithetsa mu 2021 posintha lamulo la ntchito. Komabe mzimu wake ukadalipo. Chilengezo chonena kuti kapitawo adzalandira zake zonse tikagulitsa chikumuika munthuyo m'goli lomwelo, dzina lokha ndilo lasintha. Lamulo limafuna kuti wolembedwa pa malipiro a pa mwezi azilandira ndalama zake kosachepera kamodzi pa mwezi.

Kapitawo ayenera kukhala pa malipiro a pa mwezi, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Ntchito yake ndi kukana ntchito yoipa. Iye ndi amene amabweza waganyu kuti akabwerezenso mzere womwe wapalira mwachinyengo, pongokwirira udzu ndi dothi. Akamalipidwa malinga ndi ndime zomwe zatha pa tsiku, adzakhala mbali imodzi ndi othamangitsa ntchito, ndipo udzu wokwiriridwawo udzadzuka pakatha masiku anayi.

Tibwerere ku Santhe. Tinene kuti mwini munda waika K260,000 pa mwezi. Pa masiku 26 ogwira ntchito, ndiye kuti K10,000 pa tsiku, kapena K1,250 pa ola ngati tsiku ndi la maola asanu ndi atatu. Lamulo limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata. Ola lowonjezera pa tsiku wamba limalipiridwa kamodzi ndi theka, lomwe pano ndi K1,875, ndipo ola logwiridwa pa tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma limalipiridwa kawiri, K2,500. Pa munda izi si nkhani ya m'mabuku chabe. Mvula yobzalira ikagwa Loweruka usiku, Lamulungu anthu ali m'munda, ndipo kapitawo ali nawo kuyambira m'bandakucha. Wolemba chilengezo anene kuti maola owonjezera adzalipiridwa monga mwa lamulo, ndipo awerengeretu ndalamayo mu bajeti ya Disembala.

Anenenso ngati K260,000 ndi ndalama yonse isanadulidwe kapena ndi yolowa m'thumba. Kwa wantchito wokhazikika, lamulo la penshoni limafuna kuti iye azipereka 5 peresenti ya malipiro ake ndipo womulemba aziwonjezera 10 peresenti. Pa chitsanzo chathu kapitawo adulidwa K13,000, mwini munda aikapo K26,000 yochokera m'thumba lake, ndipo pamakhalanso msonkho wa pa malipiro. Munthu amene amayembekezera K260,000 m'manja, n'kulandira yocheperapo pa mwezi woyamba popanda womufotokozera, amayamba ntchito ali ndi chifukwa cha mumtima, ndipo kiyi wa sitolo ali naye iyeyo.

Nambala yolembedwa imakalamba msanga m'dziko muno. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo kumayambiriro kwa 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi. Malipiro amenewa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho asanalembe nambala iliyonse, mwini munda afunse ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake kuti adziwe pamene afika. Ndipo akumbukire kuti malipiro otsikitsitsa ndi a munthu wogwira khasu. Woyang'anira anthu 30 ndi matumba 50 a feteleza sangaikidwe pa mzere umodzi ndi iwo.

Nanga bonasi? Ndi chinthu chabwino, chifukwa chimachititsa kapitawo kuona munda ngati wake. Koma akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo bonasi yosalembedwa ndi fodya wa pa chala, wopita ndi mphepo. Iyenera kukhala yoti munthu aliyense wodziwa masamu a Sitandade 5 angaiwerenge. Mwachitsanzo: K2,000 pa thumba lililonse la makilogalamu 50 loposa matumba 700 a chimanga. Munda ukatulutsa matani anayi pa hekitala, mahekitala 10 apereka matumba 800, oposerapo ndi 100, bonasi ndi K200,000. Palibe chokangana.

Ngakhale pamenepo pali mipata yofunika kutseka m'kalata ya mgwirizano. Matumba awerengedwa liti, pongotonola kapena chimanga chitauma bwino? Chimanga chonyowa chimalemera, ndipo chikauma kufika pa chinyezi cha pafupifupi 13 peresenti, chomwe n'choyenera kusunga, matumba amachepa. Sikelo yake ndi iti, ndipo poyeza padzakhala ndani? Nanga mwini munda akachedwa kutumiza yureya, yemwe amafunika patatha pafupifupi masabata atatu chimanga chitamera, n'kufika ngaiyaye zitayamba kutuluka, kulephera kufika pa matumba 700 ndi mlandu wa yani? Nanga kukagwa ng'amba, kapena ntchemberezandonda zikalowa mankhwala asanagulidwe? N'chifukwa chake bonasi iyenera kukhala yowonjezera pa malipiro okwanira kale, osati yolowa m'malo mwake. Mvula ikakana, ana a kapitawo amafunabe kudya.

Chomaliza pa malipiro ndi kutalika kwa ntchito. Lamulo limazindikira mgwirizano wa nthawi yosatchulidwa, wa nthawi yotchulidwa, ndi wa ntchito imodzi yodziwika. Ngati mwini munda akufuna munthu wa nyengo imodzi yokha, kuyambira Seputembala kufika Julayi, alembe choncho. Ngati ndi ntchito yokhazikika yoyamba ndi miyezi yoyeserera, atchule miyeziyo. Lamulo sililola kuti nthawi yoyeserera ipitirire miyezi 12, ndipo pa munda miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ndi yokwanira kuona ngati munthu amadziwa kukonza munda ndi kubzalitsa.

Oyenera kufunsira ndi kafunsidwe kake

Pa ziyeneretso, eni minda ena amakopera za m'makampani akuluakulu n'kufuna digiri ya ku Bunda. Wa digiri akhoza kubwera, koma sachedwa kuchoka akapeza ntchito ya ku bungwe. Pa munda wa mahekitala 20, satifiketi kapena dipuloma ya zaulimi, monga ya ku Natural Resources College ku Lilongwe kapena ku Mwimba ku Kasungu komweko, ndi yoyenera. Pa famu ya ziweto angaganizire ophunzira a ku Mikolongwe. Koma khomo lisatsekedwe kwa munthu wa MSCE amene wayang'anira antchito nyengo zisanu, chifukwa kudziwa kulankhula ndi aganyu 30 otopa masana a Disembala sikuphunzitsidwa m'kalasi. Mawu akuti kapena amathandiza: satifiketi ya zaulimi, kapena MSCE ndi zaka zitatu pa ntchito yotere.

Pali mawu ena omwe sayenera kuoneka. Zilengezo zambiri zimati akhale mwamuna, wokwatira, wa mpingo wakutiwakuti, kapena wochokera ku chigawo chakuti. Lamulo la ntchito limaletsa tsankho potengera kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi, chipembedzo chake, mtundu wake, chilankhulo chake, kapena kuti ali pabanja kapena ayi. Kupatula lamulo, amayi ndi amene amagwira gawo lalikulu la ntchito ya m'munda m'dziko muno, ndipo n'zopanda nzeru kuwatsekera kunja pa udindo woyang'anira ntchito yomwe amaidziwa bwino. Ngati ntchito ikufuna woyendetsa njinga yamoto, chilengezo chifune laisensi, osati mwamuna.

Njira yofunsira ikhale imodzi, ndipo ikhale yoti munthu wa kumudzi angaikwanitse. Kufuna imelo yokha kumasiya kunja akapitawo ambiri odziwa ntchito. Kulola kuimba foni kumabweretsa chipwirikiti chija. Njira yapakati ndi kupempha kalata yofunsira ntchito, ngakhale yolemba pamanja, yojambulidwa n'kutumizidwa pa WhatsApp kapena yosiyidwa pamalo otchulidwa. Kalata ya pamanja ili ndi phindu lina: imaonetsa ngati munthuyo angathe kulemba buku la sitolo lowerengeka. Pakhale makope a masatifiketi, osati enieniwo, ndi mayina a anthu awiri omwe adamulembapo ntchito. Anthu awiriwo aimbiridwedi, ndipo funso lothandiza kwambiri ndi lakuti: kodi mungamulembenso?

Tsiku lotsekera lilembedwe, pamodzi ndi tsiku loyamba ntchito. Apa kalendala ya mlimi ndi imene imalamula. Kapitawo wa munda wodalira mvula ayenera kufika mu Seputembala, kuti adziwe nthaka, madambo ndi anthu a m'midzi yozungulira, ndiponso akonzetse mizere mvula isanagwe mu Novembala kapena Disembala. Choncho chilengezo chituluke mu Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti. Pa munda wa fodya chituluke msanga kuposa apo, chifukwa nazale sizidikira mvula.

Ndipo pakhale mzere wonena kuti kufunsira n'kwaulere. Akathyali adazolowera kufalitsa zilengezo zabodza pa foni, zolonjeza malipiro okoma pa famu yosatchulidwa dzina, kenako n'kupempha ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena yosungira malo, yotumizidwa pa foni pomwepo. Chilengezo chopanda malo enieni, chofulumizitsa munthu, chofuna ndalama asanaonane ndi wina aliyense, n'chofunika kuchithawa. Mlimi woona amene walemba poyera kuti salandira kalikonse amadziteteza yekha komanso amateteza ofunsira.

Zonsezi zikaphatikizidwa, chilengezo cha munda wa ku Santhe chingaoneke motere:

KAPITAWO WA PA MUNDA AKUFUNIKA. Munda wa mahekitala 20 (pafupifupi maekala 50) wa chimanga, soya ndi mtedza, makilomita 12 kuchokera pa Santhe, m'boma la Kasungu, msewu wafumbi. Ntchito: kugawa ndi kuyendera ntchito ya antchito 6 ndi aganyu mpaka 30, kulemba matikiti, kusunga kiyi ndi buku la sitolo, kuyang'anira kabzalidwe, kathiridwe ka feteleza, kapoperedwe ka mankhwala ndi kuyeza zokolola, kuonetsetsa kuti ana sagwira ntchito, kupereka lipoti kwa mwini munda Loweruka lililonse. Malipiro: K260,000 pa mwezi msonkho ndi penshoni zisanadulidwe, maola owonjezera monga mwa lamulo, bonasi ya K2,000 pa thumba lililonse la chimanga chouma loposa matumba 700. Nyumba ya zipinda ziwiri ndi mjigo zilipo, ndipo kapitawo azigona pamunda. Ntchito ndi yokhazikika, miyezi itatu yoyamba ndi yoyeserera. Ziyeneretso: satifiketi ya zaulimi, kapena MSCE ndi zaka zitatu pa ntchito yotere. Amayi ndi abambo afunsire. Tumizani kalata, makope a masatifiketi ndi mayina a anthu awiri okuchitirani umboni pasanafike pa 15 Ogasiti. Ntchito iyamba pa 1 Seputembala. Kufunsira n'kwaulere.

Pansi pake pamabwera dzina la munda ndi nambala kapena malo otumizirako kalata. Chonsecho chimakwana pa theka la tsamba la kope, ndipo chingawerengedwe pa wailesi ya m'dera m'mphindi imodzi ndi theka. Chilembedwe m'chilankhulo chomwe kapitawo adzagwiritse ntchito m'munda. Ku Santhe ndi Chichewa, ndipo ku Rumphi chingafunike kukhalanso m'Chitumbuka.

Chilengezo si mgwirizano wa ntchito. Lamulo limafuna kuti wolembedwa apatsidwe kalata yofotokoza malipiro, maola ndi zina zonse za ntchito yake pasanathe mwezi umodzi chiyambireni, ndipo m'kalatamo ndi momwe mumalowa zotsala zija: tchuthi cha pachaka, chomwe ndi masiku 18 kwa wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, tsiku loyeza matumba, ndi nthawi yotuluka m'nyumba ntchito ikatha. Koma kalatayo imamera pa zomwe zidalengezedwa, ndipo zikasiyana, wofunsira ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake asanasaine.

Inu amene mukufuna ntchitoyi, jambulani chilengezocho pa foni kapena chikopereni m'kope tsiku lomwe mwachiona, ndipo popita kukayesedwa mupite nacho. Inu eni minda, sungani chanu m'faelo limodzi ndi kalata ya mgwirizano, kuti pofika Meyi, sikelo ikamapachikidwa pa mtengo, nonse awiri mudzawerenge pepala limodzi.